Kalata yopita kwa nkhoswe ya ntchito yanu

Pa ukwati wachikhalidwe, banja likayamba kuyenda, nkhoswe siyenera kumvera nkhani zake kumsika. Mwana akabadwa imauzidwa, zinthu zikavuta imauzidwanso, chifukwa ndi iyo inaima pamaso pa anthu n'kunena kuti munthu uyu ndikumudziwa. Pa ntchito palinso nkhoswe yotere, ngakhale sitiitchula choncho. Ndi mphunzitsi wanu wakale, kapena kapitawo amene anakuyang'anirani muli pa maphunziro oyeserera ntchito, amene tsiku lina anaimbira foni mnzake n'kunena kuti, "Ndili ndi mwana wanga kuno, tamuonani." Ntchito si iye anakulembani. Chomwe anachita n'kubwereketsa dzina lake, ndipo kalata yomuthokoza ndi njira yomuuzira momwe dzinalo layendera.

Tiyerekeze mtsikana amene waphunzira zamagetsi pa Soche Technical College ku Limbe kudzera mu TEVETA. Atamaliza wakhala pakhomo miyezi isanu ndi itatu, akugwira maganyu olumikiza nthambo m'nyumba za anthu. Kenako mphunzitsi wake wakale akumupatsa nambala ya mkulu wa kampani ina yoika magetsi a sola ku Kanengo, mu mzinda wa Lilongwe, n'kumuuza kuti akatchule dzina lawo. Mtsikanayo akupita, akumuyesa, ndipo patatha sabata zitatu akumuitana.

Apa pafunika mauthenga awiri. Woyamba ndi waufupi, wa pafoni, ndipo upite tsiku lomwelo lomwe wakumana ndi bwanayo kapena m'mawa mwake: ndafika, andilandira bwino, ati andiyankha Lachisanu. Chifukwa chake n'chakuti akuluakulu awiriwa amayankhulana. Bwanayo akaimba foni madzulo n'kunena kuti "mwana wanu uja anabwera," mphunzitsi asadziwa kalikonse, manyazi amagwira mphunzitsiyo, ndipo amayamba kukayikira ngati anatumiza munthu woyenera.

Kalata yeniyeni idikire kufikira mtsikanayo atasainira mgwirizano wa ntchito. Lonjezo la pakamwa limasintha. Ndalama za pulojekiti zikachedwa, "mubwere Lolemba" amasanduka "tikuimbirani," ndipo kubweza mawu othokoza omwe analembedwa kale n'kowawa mbali zonse. Akasaina, asadutse sabata imodzi asanalembe.

Kusukulu tinaphunzira kalata yamchezo ndi kalata yantchito. Iyi imakhala pakati. Keyala ndi imodzi, ya wolemba, ndipo mutu wa kalata sufunika, koma ulemu ndi wa kalata yantchito: "inu" kuyambira malonje mpaka mathero. Ikhoza kumveka chonchi:

Aphunzitsi anga olemekezeka,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi kunyumba. Ndalemba kukudziwitsani kuti Lachiwiri lapitali ndasainira mgwirizano ndi kampani ija munanditumizako, ndipo ndiyamba pa 1 mwezi wamawa ngati mmisiri wa zamagetsi. Miyezi itatu yoyamba ikhala yondiyesa.

Tsiku londiyesa anandipatsa bolodi yomwe inkangothimitsa magetsi, kuti ndipeze vuto. Ndinakumbukira momwe munkatibwezera tikagwira nthambo tisanatsimikize ndi mita kuti mulibe moto, ndipo ndinayambira pomwepo. Abwana anati ambiri amathamangira kumasula. Khomo munanditsekulira ndinu, ndipo chomwe ndinalowa nacho ndinachitenganso kwa inu.

Ndikudziwa kuti munaikapo dzina lanu. Ndiyesetsa kuti musachite nalo manyazi, ndipo miyezi itatuyo ikatha ndidzakuuzani momwe zathera.

Ndine mwana wanu.

Kalatayi siyodzaza tsamba, ndipo siyenera kudzaza. Mphamvu yake ili m'ndime yachiwiri. Aphunzitsi amene aphunzitsa zaka makumi awiri amva kale kambirimbiri kuti "popanda inu sindikanakhala munthu," ndipo mawu otere amalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Koma nkhani ya mita ija ndi yawo okha. Imawauza kuti kukakamira kwawo pa kanthu kamene ophunzira ankanyinyirika nako kwabala chipatso ku Kanengo. Ngati mwakhala pansi n'kulephera kukumbukira chinthu chimodzi chenicheni chotere, musalembe kaye, ganizanibe.

Onaninso kuti mtsikanayu sanalembe kuti "zikomo pondipezera ntchito." Timayankhula choncho tsiku ndi tsiku, koma papepala mawuwa ndi oopsa. Dziko lino anthu amadandaula kuti ntchito zimayendera kudziwana, ndipo kalata imawerengedwa ndi ena omwe simunawalembere. Chiganizo chimenechi chimapereka chithunzi chakuti aphunzitsi anakonza zapansi, komanso chimachotsa ulemu kwa bwana amene anakuyesani n'kukusankhani yekha. Nenani zomwe zinachitikadi: anakudziwitsani kwa munthu, anakuchitirani umboni.

Miyezi yoyesedwa ija yatchulidwa dala. Lamulo la ntchito la Employment Act la m'chaka cha 2000 limalola kuti wantchito waluso ayesedwe kwa nthawi yomwe agwirizana ndi bwana, koma isapitirire miyezi khumi ndi iwiri, ndipo mkati mwa nthawiyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda chidziwitso. Ndiye kuti dzina la aphunzitsi likadali pachikole. Mtsikanayu akapeza ntchito ina yamalipiro abwino mwezi wachiwiri, ufulu wochoka ali nawo, koma nkhoswe yake imve kaye kuchokera kwa iye mwini asanapereke kalata yosiyira ntchito. Akachoka mwakachetechete, wophunzira wotsatira amene aphunzitsiwo adzamutumize ku kampaniyo adzapeza khomo lotseka, osadziwa chomwe walakwa.

Nanga mphatso? Kwathu kuno kuthokoza chimanjamanja kumaoneka ngati mwano, ndipo ambiri malipiro oyamba akangolowa amaganiza zotumiza kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ine ndimaletsa. Ndalama imasandutsa chifundo kukhala malonda, ndipo ngati munthuyo ndi wogwira ntchito m'boma kapena ali m'bungwe lomwelo lomwe lakulembani, mutha kumuika m'mavuto ndi lamulo lothana ndi ziphuphu la Corrupt Practices Act, lomwe bungwe la ACB limagwiritsa ntchito. Kwa mphunzitsi wopuma amene alibe mbali pa kulemba anthu ntchito, nkhuku kapena kathumba ka mpunga wa Kilombero mukapita kukamuona sizilakwika. Koma izi zibwere padera, kalata itafika kale.

Malipiro musawatchule m'kalatamo, ndi chinsinsi cha inu ndi bwana wanu. Madandaulo akuti ofesi ndi yopanikiza kapena galimoto yakuntchito ndi yakutha nawonso asalowemo, pajatu mukunena mnzawo. Ndipo choipitsitsa, chomwe ndachionapo kangapo, ndi mzere womaliza wakuti mng'ono wanga nayenso wamaliza sukulu, mukamva kena kake mumukumbukire. Zikomo yense uja amafera pomwepo, chifukwa wowerenga amazindikira kuti ndime zapamwambazo zinali kulambula njira ya pempho. Za mng'ono wanu zidikire chaka china, pa ulendo wina.

Kalatayo ilembedwe pamanja ngati mungathe kukaipereka nokha kapena kupatsira munthu wodalirika. Ngati aphunzitsi ali kutali, ilembeni papepala momwemo, muijambule bwino n'kuitumiza pa WhatsApp, kenako muimbe foni. Pa kalendala yanu chongani tsiku lomwe miyezi itatu ikuthera, chifukwa munalonjeza, ndipo aphunzitsi akhala akuwerenga masiku.