Kalata yofunsira ntchito yolosera zachuma

Kalata zambiri za omaliza digiri ya zachuma zimangoti ‘ndimadziwa Stata ndi R’. Amanena zimenezi ndi ambiri, ndipo wolemba ntchito satolapo kanthu. Iye akufuna umboni woti munaloserapo chinthu, ndipo munayesa kuti munaphonya motani.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina akufunsira ntchito yolosera kukwera kwa mitengo ku banki. M'ndime yachiwiri alembe kuti anatenga ziwerengero za mwezi ndi mwezi za National Statistical Office, kuyambira 2012 mpaka 2022, n'kupanga modelo ya ARIMA yoganizira nyengo, poti chimanga chimatsika mtengo pokolola n'kukwera miyezi ya njala. Kenaka anene kuti chaka cha 2023 anachiika pambali kuti ayesere modeloyo, ndipo atchule RMSE, nambala yosonyeza kukula kwa kuphonyako, poiyerekeza ndi ya munthu wongoti mwezi wamawa udzafanana ndi uno.

Asabisenso pofooka. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo modelo yongoyang'ana mitengo yakale sikanaziona zimenezo. Akalemba kuti anawonjezamo mtengo wa dola n'kuyesanso, wowerenga amadziwa kuti ntchitoyo anaigwiradi ndi manja ake.