Piritsi Lolembedwa SR Kapena EC Sasinja

Wodwala akalephera kumeza piritsi, omusamalira ambiri amadziwa kale chochita. Amatenga masupuni awiri, n'kuika piritsilo pakati, n'kukanikiza mpaka lisanduke ufa, kenako n'kusakaniza ndi phala kapena tiyi. Amachita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndipo pa mankhwala ambiri, monga panado, palibe choopsa. Koma pali mapiritsi ena amene mphamvu yake yagona pa mmene anawaumbira. Amenewa ukawasinja, mankhwala amakhala omwewo ndithu, koma kagwiridwe kake ka ntchito m'thupi kamasinthiratu.

M'chaka cha 2003, magazini ina ya akatswiri a zamankhwala ku America inafalitsa nkhani ya mayi wa zaka 38 amene anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo komanso madzi m'mapapo. Atayamba kupezako bwino, anamulembera mankhwala a bipi, ena mwa iwo nifedipini wolembedwa XL ndi labetalolo. Popeza mayiyo ankadyera m'paipi yodzera m'mphuno, mapiritsiwo anawasinja n'kuwathira m'paipimo. Bipi inatsika kwambiri, mtima unayamba kugunda pang'onopang'ono mpaka unaima. Anamutsitsimutsa. M'mawa mwake anamusinjiranso mankhwala omwewo, ndipo ulendo uno sanadzukenso. Palibe amene anamupatsa mankhwala olakwika kapena mlingo woposa umene dokotala analemba. Cholakwika chinali kusinjako basi.

Kuti timvetse chimene chinachitika, tione piritsi la nifedipini la mamiligalamu 30 lomwa kamodzi patsiku. Mtundu wina wa piritsili uli ndi chikutiro cholimba chimene sichisungunuka, ndipo pachikutiropo anaboolapo kabowo kakang'ono kwambiri. Munthu akalimeza, madzi a m'matumbo amalowa pang'onopang'ono, mbali ina ya m'kati imafufuma n'kumakankha mankhwala kuti azitulukira pakabowo paja. Ntchito imeneyi imatenga pafupifupi maola 24, kutanthauza kuti pa ola lililonse thupi limalandira mankhwala ongopitirira pang'ono miligalamu imodzi. Zili ngati mlimi wa kudimba amene waboola kabowo pa botolo kuti madzi azidontha pa mbande tsiku lonse. Kusinja piritsili ndiko kukhuthulira botolo lonse pambandepo nthawi imodzi.

Zikatero mavuto amabwera awiri, lina m'mawa lina madzulo. Mamiligalamu 30 onse aja amalowa m'magazi m'kanthawi kochepa, mitsempha imatseguka mwadzidzidzi, bipi n'kugwa. Wodwala amamva mutu kuwawa, nkhope kutentha, mtima kuthamanga, chizungulire, ndipo akaimirira akhoza kukomoka. Kwa munthu wachikulire amene mitsempha yake ya kumtima kapena ya ku ubongo ndi yopapatiza kale, kugwa kwa bipi kotereku kungathe kuyambitsa sitiroko kapena vuto la mtima. Vuto lachiwiri ndi loti nifedipini sakhalitsa m'magazi: pakatha maola awiri okha, pafupifupi theka lake limakhala litachoka. Choncho pofika usiku thupi limakhala lopanda mankhwala, bipi n'kukweranso, pomwe banja lonse likuganiza kuti agogo amwa mankhwala awo a tsikulo.

Mapiritsi a mtundu umenewu amadziwika ndi zilembo zimene zimatsatira dzina la mankhwala pa katoni kapena pa kapepala kasiliva: SR, ER, XR, XL, CR, MR, ndiponso mawu akuti Retard. Makampani amasankha zilembo zosiyana, koma uthenga wake ndi umodzi, wakuti mankhwalawo amatuluka pang'onopang'ono. Pali chilembo china chimene chingasokoneze Mmalawi. Kuno kwathu tikamva LA timaganiza za mankhwala a malungo, koma LA yolembedwa kutsogolo kwa dzina la mankhwala a bipi imatanthauza kuti piritsilo limagwira ntchito nthawi yaitali, ndipo silikhudzana ndi malungo m'pang'ono pomwe.

Si onse amene ali ndi kabowo. Ena, monga metifomini wa shuga wolembedwa XR, mankhwala ake amakhala atamangidwa m'chinthu chimene chimafufuma ngati phala lolimba chikanyowa, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Ndiye chifukwa chake nthawi zina munthu amaona chinthu chooneka ngati piritsi lathunthu m'chimbudzi chake. Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti mimba yalephera kugaya mankhwala, n'kuyamba kuwatafuna. Ayi, chimene chatulukacho ndi chigoba chabe, mankhwala analowa kale m'thupi.

Oopsa kwambiri pagulu limeneli ndi mofini wa mapiritsi amene odwala khansa ndi matenda ena opweteka amamwa pa maola 12 alionse. Akasinjidwa, mlingo wa theka la tsiku umalowa nthawi imodzi. Wodwala amagona tulo tovuta kumudzutsa, kupuma kumachepa, ndipo kakuda ka pakati pa diso kamachepa kwambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti odwala oterewa ndi amenenso amavutika kumeza, choncho masupuni aja amakhala pafupi. Komatu njira ina ilipo: mofini wamadzi, womwa pa maola 4 alionse, amene zipatala zosamalira odwala matenda amgonagona zimapereka.

Gulu lachiwiri ndi la zilembo EC, kapena mawu akuti Gastro-resistant. Awa anawakuta kuti adutse m'chifu osasungunuka. M'chifu muli asidi wamphamvu, ndipo chikutirocho anachipanga kuti chisasungunuke mu asidi, koma chikasungunuke m'matumbo aang'ono momwe asidi ndi wochepa. Zifukwa zake ndi ziwiri. Mankhwala ena amapweteka chifu, monga dayikolofenaki wa mamiligalamu 50 ndi asipirini wa mamiligalamu 75, choncho chikutiro chimachepetsa kukhudzana kwake ndi chifu. Pano tinene poyera kuti chikutirochi si chitetezo chokwanira. Mankhwala amenewa angathe kuyambitsa zilonda za m'mimba ngakhale atamezedwa athunthu, chifukwa amafooketsanso chifu kudzera m'magazi.

Mankhwala ena ndiwo amene amaonongedwa ndi chifu. Chitsanzo ndi omeprazo, amene anthu ambiri amamwa chifukwa cha zilonda za m'mimba ndi kutentha pamtima. Ngakhale ntchito yake ndi kuchepetsa asidi, iye mwini sapirira asidi. Mukatsegula kapisozi wake mupeza timibulu ting'onoting'ono, kalikonse ndi chikutiro chake. Munthu wovutika kumeza akhoza kutsegula kapisoziyo, n'kuthira timibuluto m'madzi pang'ono kapena m'madzi a zipatso, n'kumeza nthawi yomweyo osatafuna. Koma akatisinja, asidi amaononga mankhwalawo asanafike kumatumbo kumene amayenera kulowera m'magazi. Apa munthu sakomoka ayi. Amangodabwa kuti mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku koma m'mimba simukusintha.

Chikutiro cha EC chimaonongekanso popanda supuni. Bisakodilo, kapiritsi kakang'ono ka mamiligalamu 5 kothandiza wodzimbidwa, sayenera kumwedwa pamodzi ndi mkaka kapena mankhwala oziziritsa asidi. Zinthu zimenezi zimachepetsa asidi wa m'chifu, chikutiro n'kusungunuka msanga ngati kuti chafika kale kumatumbo, ndipo munthu amamva kupotokola m'mimba. N'chifukwa chake malangizo amati pazidutsa ola lathunthu pakati pa ziwirizi.

Nanga mawu akuti Chewable? Awa ndi osiyana ndi ena onse aja, ndipo kuwaika m'gulu limodzi ndi SR kapena EC n'kulakwitsa. Piritsi lolembedwa chonchi analipanga kuti litafunidwe. Mapiritsi oyera oziziritsa asidi a maginiziyamu amagwira ntchito msanga akatafunidwa bwino, koma akamezedwa athunthu amachedwa kusungunuka. Alubendazo wa mamiligalamu 400, mankhwala a njoka za m'mimba amene ana amalandira m'masukulu ndi kusikelo, ndi wotafunanso. Kwa ana osakwana zaka zitatu, bungwe loona zaumoyo padziko lonse limalangiza kuti piritsili lisinjidwe n'kusakanizidwa ndi madzi, chifukwa ndi lalikulu ndipo mwana akhoza kutsamwa nalo. Amalangizanso kuti mwana amene akulira kapena kukana asakakamizidwe. Choncho pa mankhwala otafuna, choopsa si kusinja koma kumeza lathunthu. Chimodzimodzinso olembedwa Dispersible kapena DT, monga zinki wa ana otsekula m'mimba: amenewa amasungunulidwa m'madzi pang'ono kapena mu mkaka wa m'mawere.

Vuto lathu lalikulu ndi lakuti nthawi zambiri katoni sitiiona n'komwe. Pawindo la famase mapiritsi amawerengedwa kuchokera m'chibotolo chachikulu n'kuikidwa m'kajumbo kakang'ono kokhala ndi zithunzi za dzuwa ndi mwezi. Dzina limalembedwa ndi bolopeni mwachangu, ndipo zilembo ziwiri zija zikhoza kutsala. Maonekedwe a piritsi sathandiza kwenikweni. Piritsi lonyezimira likhoza kukhala lokutidwa ndi shuga chabe pofuna kubisa kuwawa, pomwe lina looneka wamba ndi la SR. Ngakhale mzere wa pakati pa piritsi umangosonyeza kuti likhoza kugawidwa pawiri. Pali mapiritsi ena otulutsa mankhwala pang'onopang'ono, monga kabamazepini wa khunyu wolembedwa CR, amene amaloledwa kuthyoledwa pamzerepo koma zidutswazo n'kuzimeza osatafuna.

Zikachitika kuti piritsi la bipi kapena mofini lasinjidwa kale ndipo wodwala wamwa, asapatsidwe lina. Wa bipi agone chagada, miyendo ili pamwamba pang'ono, asaimirire yekha. Ngati wakomoka, akumva kupweteka pachifuwa, akulankhula mosokonekera, akuvuta kudzutsa kapena akupuma mwa apo ndi apo, apite naye kuchipatala msanga, atanyamula kajumbo ka mankhwala, ndipo anene mosabisa kuti piritsi linasinjidwa komanso nthawi yake. Kubisa chifukwa choopa kukalipiridwa kumangochedwetsa thandizo.

Kulephera kumeza nakonso ndi nkhani yofunika kuti achipatala aidziwe, makamaka kwa amene anachita sitiroko, chifukwa chakudya ndi madzi zingathe kulowera kumapapo. Ndipo pafupifupi nthawi zonse pamakhala posinthira. Wa nifedipini wa SR, dokotala akhoza kumusinthira ku amulodipini, amene mwachibadwa amakhalitsa m'magazi moti safuna chikutiro chapadera. Wa metifomini wa XR akhoza kubwerera ku metifomini wamba womwa kawiri kapena katatu patsiku. Wosankha zimenezi ndi dokotala, chifukwa milingo yake imasiyana. Inu amene mukusamalira wodwala, musanachoke pawindo paja funsani kuti: "Adokotala, mayi angawa amavutika kumeza, kodi mankhwalawa ndingasinje?" Ngati yankho ndi ayi, pemphani kuti akulembereni zimenezo pa kajumbo komanso m'buku la kuchipatala, kuti amene adzakulandireni ntchito yodwazika nayenso adzaone.