Zinthu 6 zodabwitsa pa ulendo wa paketi kuchokera ku Mzimba kupita ku Joni

Muli pa Mzimba Boma ndipo mwatumiza uthenga kwa mlongo wanu ku Joni. Uthengawo suyenda wathunthu, umadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi. Tatenga paketi imodzi ya mabayiti 1,500 n'kuiyika pa njira yongoyerekezera, monga amachitira pa mayeso. Ili ndi zigawo zitatu: kachingwe ka kilomita imodzi konyamula mamegabiti 2 pa sekondi, faiba ya makilomita 300 mpaka ku Lilongwe, ndi ina ya makilomita 2,000 mpaka ku Joni. Mafaiba awiriwa amanyamula gigabiti imodzi pa sekondi. Kodi paketiyi ichedwa pati? Yambani mwalota.

1. Kutulutsa paketi pakhomo kumadya nthawi kuposa ulendo wa ku Lilongwe. Nthawi yokankhira paketi yonse m'chingwe timaipeza ndi `L/R`, kukula kwa paketi kugawa ndi mlingo wa chingwe. Mabayiti 1,500 ndi mabiti 12,000, chifukwa bayiti imodzi ili ndi mabiti 8. Gawani ndi 2,000,000, mupeza mamilisekondi 6. Pamenepo paketi yangotuluka kumene, pa Jenda sinafike n'komwe! Mukapeza 0.75, dziwani kuti mwaiwala kuchulukitsa ndi 8.

2. Kuwala kumachepetsa liwiro kukalowa m'galasi. M'mlengalenga kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, koma mu faiba ndi pafupifupi 200,000 basi, kutanthauza makilomita 200 pa milisekondi imodzi. Nthawi ya pamsewuyi ndi `d/s`, mtunda kugawa ndi liwiro. Kukafika ku Lilongwe ndi mamilisekondi 1.5, ndipo kuchokera apo mpaka ku Joni ndi 10. Ngakhale mutagula intaneti yodula chotani, nambala ziwirizi sizisuntha, popeza ndalama sizifupikitsa mtunda.

3. Paketi imodzi ikhoza kutalika makilomita 1,200. Simukukhulupirira? Pa mamegabiti 2, biti iliyonse imatenga theka la maikulosekondi kuti ituluke, ndipo m'kanthawi kameneko mutu wake wayenda kale mamita 100. Chulukitsani ndi mabiti 12,000. Chingwe chochedwacho chikanakhala chimodzi chosadukiza, mutu wa paketi ukanadutsa Jenda, Kasungu ndi Lilongwe mchira wake ukadali pa Boma.

4. Rauta sikweza munthu wa theka. Imadikira paketi yonse ifike, kenako n'kuyamba kuitulutsa mbali inayo. N'chifukwa chake `L/R` amawerengedwa pa chigawo chilichonse, aliyense ndi mlingo wake. Pa faiba ya gigabiti ndi mamilisekondi 0.012 okha. Tiphatikize tsopano, kuyambira ndi zokankha, kenako za pamsewu, osaiwala 0.005 ya kakilomita koyamba kaja:

```
(6 + 0.012 + 0.012) + (0.005 + 1.5 + 10) = 17.529 ms
```

Kachingwe ka kilomita imodzi kadya gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a ulendo wonse.

5. Mzere ndiye chilombo chenicheni. Ganizirani kuchigayo tsiku lamsika: kugaya thumba lanu sikuchedwa, chochedwetsa ndi matumba amene mwawapeza. Paketi yathu ikapeza anzake anayi ofanana nayo akudikira pa kachingwe koyamba, aliyense adya mamilisekondi 6, onse pamodzi 24. Kudikira kokhako kwaposa ulendo wonse wa ku Joni, ndipo chiwerengero chakwera kufika pa 41.529. Koma werengani funso bwinobwino. Likanena kuti paketi ina yachisanu ili kale pakati potuluka, theka lake latsala, onjezani 3, kudikira kukhale 27. Ndipo mzerewo umakula liti? Onani `La/R`, pomwe `a` ndi mapaketi ofika pa sekondi. Kachingwe kathu kamakwanitsa mapaketi 166 ndi kachidutswa pa sekondi. Akamafika 80, yankho ndi 0.48, zinthu zili bwino. Akamafika 160 mwachisawawa, yankho ndi 0.96, ndipo mzere umatalika koopsa. Likapitirira 1, mosungiramo mumadzaza, rauta n'kuyamba kutaya mapaketi. Apa m'pamene mawu a mlongo wanu amayamba kudukaduka.

6. Mapaketi 10 satenga nthawi ya paketi imodzi kuchulukitsa ka 10. Ambiri amalemba 175 ali ndi chimwemwe, koma alakwa. Paketi yoyamba ikakhala pamsewu, yachiwiri imakhala ikutuluka kale, ngati maminibasi onyamuka motsatizana pa depoti. Yoyamba ifika pa 17.529, ndipo 9 otsalawo azifika motalikirana ndi mamilisekondi 6, malinga ndi chingwe chochedwetsetsa. Ndiye 17.529 kuphatikiza 54, yankho ndi 71.529. Funsoli kamuyeseni nalo mnzanu wa m'kalasi, muone ngati salemba 175.