Khonsolo isanadinde pulani ya nyumba yanu

Anthu ambiri akafuna kumanga amayamba ndi njerwa. Amaumbitsa kapena kugula mabuloko, mchenga n'kuthiridwa pa poloti, kenaka ndi pamene amakumbukira kuti pulani iyenera kudutsa kukhonsolo. Akafika kumeneko atapinda pepala limodzi losonyeza zipinda zitatu ndi balaza, amadabwa kuwabweza. Lamulo loyendetsa mapulani a malo la 2016 linaika dziko lonse la Malawi pansi pa ndondomeko ya mapulani, choncho nkhaniyi si ya anthu a ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba okha ayi. Koma m'mizinda inayi ndi m'mene imatsatidwa kwambiri, ndipo n'kumene nyumba zomangidwa popanda chilolezo zimalembedwa chizindikiro chofiira pakhoma.

Khonsolo siyang'ana kukongola kwa nyumba. Imafuna kudziwa ngati malowo ndi anu, ngati nyumbayo ikukwana pamalopo, ndiponso ngati idzakhale yolimba ndi yaukhondo. Pepala lililonse limene amakupemphani limayankha limodzi mwa mafunso atatuwa.

Choyamba ndi umboni wa umwini. M'tauni malo amakhala ndi eni ake osiyanasiyana: ena ndi a Unduna wa za Malo, ena ndi a bungwe la nyumba la MHC, ena ndi a khonsolo yomweyo. Kumene munapeza poloti n'kumene kumachokera pepala lanu, kaya ndi lizi, chikalata cha umwini, kapena kalata yokupatsani malo. Vuto limabwera kwa amene anagula kwa munthu. Mgwirizano wolemberana pakhonde, ngakhale pakhale mboni ndi chidindo cha amfumu, susintha dzina m'kaundula. Ngati m'mabuku malowo akadali m'dzina la amene anakugulitsani, fomu yanu ndi lizi zidzanena za anthu awiri osiyana, ndipo fayilo idzaima mpaka dzina litasinthidwa. Pamodzi ndi lizi pamayenda mapu a saveya osonyeza malire, kutalika kwa mbali zonse ndi pamene pali mabikoni. Kawirikawiri amafunanso malisiti osonyeza kuti mulibe ngongole ya lendi ya malo kapena msonkho wa khonsolo.

Funso lachiwiri limayankhidwa ndi zojambula ziwiri zimene anthu amazipeputsa. China ndi kamapu kosonyeza kumene poloti ili m'deralo, msewu wofikira, ndi nambala za mapoloti oyandikana nayo, kuti woyendera akapeze malowo mosasochera. Chinacho ndi pulani ya poloti, imene imaika nyumba yanu m'kati mwa malire, nthawi zambiri pa sikelo ya 1:200 kapena 1:500. Imasonyeza mbali ya kumpoto, geti, mpanda, bwalo la galimoto, njira ya madzi a mvula, ndi mamita otsala kuchoka pakhoma kufika pamalire mbali zonse zinayi. Apa ndi pamene mapulani ambiri amagwera, makamaka obwereka kwa mnzako kapena ogula ojambula kale.

Tiyerekeze kuti poloti yanu ndi ya mamita 15 kutsogolo ndi 30 kulowa m'kati. Mwakonda pulani ya achimwene anu, nyumba ya mamita 12 m'litali ndi 9 m'lifupi, ndipo mukufuna mbali yaitaliyo iyang'ane kumsewu. Mukachotsa 12 pa 15 patsala mamita atatu, kutanthauza mita ndi theka mbali iliyonse. Mpata wofunika umasiyana malinga ndi dera, koma tinene kuti kwanuko amafuna mamita awiri m'mbali. Ndiye kuti nyumba yanu siyenera kupitirira mamita 11, ndipo pulani yabwereredwa chifukwa cha mita imodzi yokha. Njira zilipo ziwiri. Mutha kuchepetsa zipinda, kapena kutembenuza nyumba kuti mbali ya mamita 9 ndiyo iyang'ane kumsewu. Mukaitembenuza patsala mamita 6: awiri mbali ina, anayi mbali inayo, ndipo mamita anayiwo ndi amene adzalole galimoto yopopa chimbudzi kufika kuseri. Kusintha kotereku papepala kumatenga tsiku. Maziko akathiridwa kale konkire, kumafuna nyundo.

Pa pulani yomweyi payenera kuonekanso zinthu zimene si zanu koma zikudutsa pamalopo: nthambo za Escom, paipi ya madzi, ngalande ya msewu, kapena mtsinje ngati uli pafupi. Wojambula amene sanapondeko pa poloti sangazidziwe zimenezi. Ngati akukuuzani kuti ajambula ali muofesi popanda kuona mabikoni, dziwani kuti fayilo yanu ikhoza kubwerera.

Funso lachitatu ndilo la nyumba yeniyeniyo. Pulani ya zipinda, imene imakhala pa sikelo ya 1:100, imasonyeza nyumba ngati mwaichotsa denga n'kuiyang'ana muli m'mwamba. Pa sikelo imeneyi sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi, choncho mutha kuyeza nokha ndi rula. Chipinda chilichonse chilembedwe ntchito yake ndi muyezo wake, zitseko ndi mawindo zioneke. A zaumoyo amayang'ana kuwala ndi mpweya. Muyezo wofala ndi wakuti windo likhale gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa pansi, kotero chipinda cha mamita 3 kwa 4 chimafuna windo losachepera masikweyamita 1.2. Bafa ndi chimbudzi nazo zikhale ndi potulukira mpweya.

Pamabweranso maonekedwe a kunja a mbali zonse zinayi, ndi chojambula china chodula nyumba pakati kuchoka pa mtanda wa denga mpaka pansi pa maziko. Ichi ndicho chimene injiniya wa khonsolo amachedwa nacho, chifukwa chimasonyeza kuya kwa maziko, pepala lotchinga chinyontho, kukula kwa khoma, lintala, kutalika kwa siling'i, matabwa a denga ndi kupendekeka kwa malata. Nyumba yaing'ono yosasanjikiza nthawi zambiri imathera pamenepa. Koma ikakhala yosanja, ya denga la konkire, kapena ili pamalo otsetsereka kapena padothi lamakande limene limafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, yembekezerani kuti afuna zojambula ndi masamu a injiniya wa zomangamanga.

Chomaliza ndi pulani ya madzi oipa. Kumene kuli paipi ya suweji, musonyeze polumikizira. Kumene kulibe, mujambule thanki ya sepitiki ndi dzenje lomwetsa madzi, kukula kwake, ndi kutalikirana kwake ndi nyumba, malire ndi chitsime ngati chilipo, chanu kapena cha aneba. Anthu ambiri amalemba mivi yokha yolozera kuseri, ndipo a zaumoyo salandira zimenezo.

Zonsezi zimapita ndi fomu ya khonsolo ndi lisiti ya ndalama younikira pulani. Amafuna makope angapo chifukwa fayilo imazungulira: kwa a mapulani, injiniya, a zaumoyo, ndi mwini malo, isanafike ku komiti imene imapereka chilolezo. Pakona ya pepala lililonse pakhale dzina lanu, nambala ya poloti, sikelo, deti, ndi dzina ndi siginecha ya wojambula. Funsani msanga ngati wojambulayo ndi wovomerezeka, chifukwa pulani yopanda mwini woiyankhira imabwezedwa pakauntala pomwepo.

Musanapereke, yalani mapepala onse patebulo ndi kuwayerekeza. Dzina la pa lizi lifanane ndi la pa fomu. Nambala ya poloti ikhale imodzi paliponse. Mamita a pa mapu a saveya akhale omwewo a pa pulani ya poloti, ndipo windo limene lili pa pulani ya zipinda lionekenso pa maonekedwe a kunja. Pulani ikadindidwa, werengani zimene alemba pa kalata yachilolezo, kuphatikizapo nthawi imene chidzathere mphamvu, ndipo kope imodzi yodindidwa izikhala pamalo omanga. Woyendera akabwera kudzaona maenje a maziko adzayeza ndi tepi potsatira kope imeneyo, choncho m'misiri asasunthe nyumba ngakhale mita imodzi popanda kubwereranso kukhonsolo.