“Ndimangocheza, mayi”: mmene mungayankhire mkulu wa kuntchito wolankhula zokuchotsani ulemu

Tiyerekeze kuti inu mayi ndinu kalaliki pa ofesi ina, ndipo pali bambo amene ndi mkulu wanu. Ndi amene amavomereza tchuthi chanu, ndiponso amalemba lipoti la kagwiridwe kanu ka ntchito. Lolemba m’mawa mukungolowa, bamboyo akuti, “Koma ndiye mwanenepa bwino masiku ano, bambo akunyumba akusamala.” Anzanu akuseka, inunso mukumwetulira chifukwa simukudziwa chochita. Lachinayi muli awiri mu ofesi, akuti, “Zaka zinayi m’banja opanda mwana, vuto ndi ndani? Kapena tithandizepo?” Madzulo mukufika kunyumba mtima uli wawawa, nsima osalowa, koma mukudziwanso kuti fizi ya ana a mchemwali wanu ndi lendi zikudalira malipiro omwewo.

Amayi ambiri amaona njira ziwiri zokha: kupirira mwakachetechete, kapena kupsa mtima tsiku lina n’kulalata pamaso pa anthu. Zonse ziwiri zimapindulira wolankhulayo. Mukakhala chete amati mumakondwera nazo. Mukalalata nkhani imatembenuka, imakhala yoti mwachitira mwano akuluakulu, ndipo kalata ya chenjezo imabwera kwa inu. Njira yachitatu ilipo: kumuuza kamodzi momveka bwino, kulemba zonse m’kope, ndi kusasiya ntchito chifukwa cha mkwiyo.

Yambani ndi kuzindikira mtundu wa mawu amene mukuuzidwa. Ena ndi achipongwe chabe, monga onena za kunenepa, msinkhu, mtundu wanu kapena kusakwatiwa. Amenewa amathetsedwa kawirikawiri ndi malamulo a pamalo pa ntchitopo. Koma mawu akangokhudza thupi lanu mwachilakolako kapena za kuchipinda, lamulo la dziko limalowapo. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, lomwe linakhazikitsidwa mu 2013, limanena m’gawo 6 kuti nkhanza zotere sizifuna kuti munthu achite kukugwirani. Mawu okha, kapena zizindikiro, ndi zokwanira ngati inu simukuzifuna ndipo munthu woganiza bwino akanadziwa kuti zikukhumudwitsani, kukuchititsani manyazi kapena kukuopsezani. Chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu. Lamuloli silifunsa ngati iye ankangocheza. Mawu a Lachinayi aja, oti “tithandizepo”, agwera m’gulu limeneli.

Tsopano yankho loyamba. Chovuta kwambiri kwa ife amene tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa ndi kusaseka. Kaseko ka manyazi kaja ndi kamene adzakagwiritse ntchito mtsogolo, kuti “iwonso ankaseka”. Choncho nkhope ikhale phee, mawu akhale otsika, ulemu wonse ukhalepo, koma tanthauzo lisabisike. Munganene kuti: “Bwana, ndimakulemekezani ngati mkulu wanga. Koma nkhani za thupi langa ndi za banja langa sindikufuna kuti tizikamba kuno. Chonde musadzazinenenso.” Mukatero bwererani pa ntchito nthawi yomweyo: “Makalata aja ndamaliza, ndiwabweretse?” Chiganizo chomalizachi chili ndi ntchito yake. Chikumupatsa khomo lotulukira popanda kuchita manyazi, ndipo munthu waudindo akapatsidwa khomo lotere nthawi zambiri amatulukirapo.

Musayambe ndi “pepani”, chifukwa simunalakwe. Musafotokoze chifukwa chake mulibe mwana kapena zomwe adokotala ananena, popeza chilichonse chomwe mungaulule chimasanduka nkhani ya mawa. Musagwiritsenso ntchito mwambi kapena mawu okuluwika. Kumudzi mkuluwiko umagwira ntchito, koma pa ofesi munthu amatha kunamizira kuti sanamve. Ngati mawu akukuthawani mukakhala pamaso pake, yeserani kunyumba, kawiri katatu, mokweza, mpaka pakamwa pazolowere.

Nanga muyankhire pati? Ngati ndi koyamba ndipo bamboyo si woopsa, ndi bwino kulankhula naye pambali, chitseko chili chotsegula, anthu akuonani koma osamva zonse. Kumudzudzula pa msonkhano wa antchito onse kumamuchititsa kuti ateteze dzina lake pokuwonongerani lanu. Koma ngati mumachita naye mantha, musadziike nokha m’chipinda ndi iye. Pemphani mnzanu mmodzi akhale pafupi, kapena mulembereni uthenga wa pafoni wa mawu omwewo. Uthengawo uli ndi ubwino wina: umasunga tsiku ndi nthawi.

Yembekezani kuti ayankha kuti, “Aa, ndimangocheza, mayi, mwakwiya?” Musalowe m’mtsutso woti kunali kucheza kapena ayi, simungaupambane. Ingonenani kuti, “Ndamva, bwana. Koma macheza amenewo ine ayi.” Basi. Akabwereza tsiku lina, inunso bwerezani mawu omwewo, n’kuwonjezera kuti, “Ndinakuuzani kale Lachisanu lapitali.”

Tsiku lomwelo, musanagone, tsegulani kope. Ligulidwe la ntchito imeneyi yokha, ndipo lizikhala kunyumba, osati m’diresi ya ku ofesi kapena pa kompyuta ya kuntchito. Mulembe tsiku, nthawi, malo, mawu enieni monga anatulukira, amene analipo, ndi zomwe inu munayankha. Mwachitsanzo: “Lachinayi, 9 koloko m’mawa, mu ofesi ya maakaunti. Anati: ‘Kapena tithandizepo?’ Mesenjala anali pakhomo. Ndinati sindikufuna nkhani zimenezi.” Musalembe kuti “anandinyoza” kapena “ndi wakhalidwe loipa”, chifukwa amenewo ndi maganizo anu, ndipo komiti yofufuza imafuna zomwe zinanenedwa. Mauthenga a pafoni musafufute, ngakhale akunyansani. Ajambuleni ndi kutumiza kwa munthu mmodzi wodalirika, kuti foni ikatayika umboni usapite nayo.

M’kope lomwelo muzilemba chinthu china chimene ambiri amaiwala: mmene ntchito yanu ikuonedwera. Sungani kalata yanu yolembedwera ntchito, malipoti akale a kagwiridwe kanu, ndi kalata iliyonse yokuyamikirani. Chifukwa chake n’chakuti kubwezera sikubwera ndi dzina lake. Mumangoona kuti tchuthi chomwe chinkavomerezedwa chayamba kukanidwa, mwachotsedwa pa mndandanda wa opita ku maphunziro, kapena kuchedwa kwa mphindi zisanu komwe onse amachedwa kwasanduka mlandu kwa inu nokha. Ngati lipoti la chaka chatha linali labwino, ndipo zodandaula zayamba sabata ziwiri mutamukana, masikuwo adzalankhula okha. Pa nthawi imeneyi muzifika msanga, muzisayina m’buku, ndipo malangizo ofunika muzipempha kuti alembedwe. N’zopweteka kuti wolakwiridwa ndi amene ayenera kusamala chonchi, koma ndi mmene mumatsekera mipata.

Akapitiriza mutamuuza kawiri, nthawi yakwana yolemba kalata ya dandaulo. Funsani ngati pamalo panu pali ndondomeko yolembedwa ya nkhani zotere, popeza gawo 7 la lamulo lija limafuna kuti olemba anthu ntchito akhale nayo. Kalatayo ipite kwa woona za antchito, kapena kwa amene ali pamwamba pa bamboyo. Pa sukulu kapena chipatala chaching’ono angakhale wapampando wa bodi. Ikhale ya tsamba limodzi: masiku ndi mawu ochokera m’kope lanu, tsiku lomwe munamuuza kuti asiye, ndi chomwe mukupempha, monga kuti asiye ndiponso kuti lipoti lanu lizilembedwa ndi munthu wina. Lembani makalata awiri ofanana, ndipo wolandirayo asayine ndi kudinda tsiku pa yanu. Ngati muli m’bungwe la apantchito, pitani ndi nthumwi yake. Dandaulo la pakamwa limasowa msanga, makamaka ngati wolimva amadyera limodzi nkhomaliro ndi wodandaulidwayo.

Masitepe onsewa ndi a nkhani ya mawu. Munthu akakugwirani, akakutsekerani chitseko, kapena akanena kuti ntchito yanu idalira kuti mugone naye, musadikire. Pitani ku polisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa ija timaitcha Vikitimu Sapoti. Lamulo la 2013 limanena poyera kuti simuyenera kuyamba mwamaliza njira za kuntchito musanakasume. Bungwe la boma loona za ufulu wachibadwidwe wa anthu limalandiranso madandaulo otere, popeza ndi lomwe linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa.

Tsiku lidzafika loti mudzafune kulemba kalata yosiya ntchito. Igonetseni kaye. Lamulo la ntchito la mu 2000 limati munthu sachotsedwa popanda chifukwa chomveka, ndipo akamamuneneza za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Kudandaula kuti olemba ntchito aphwanya lamulo si chifukwa chochotsera munthu. Mukasiya nokha, chitetezo chimenechi mumachisiya pakhomo. N’zoona kuti gawo 60 limalola munthu kusiya ntchito pamene khalidwe la olemba ntchito lafika poti sangapitirize, ndipo kusiya kotero kumawerengedwa ngati kuchotsedwa. Koma inu ndi amene mudzafunike kuonetsa zimenezi, ndipo kalata yongoti “ndasiya pa zifukwa za ine mwini” idzakutsutsani. Musanasayine chilichonse, kaonaneni ndi a ofesi ya leba ya m’boma lanu. Mukachotsedwa mopanda chilungamo, kadandauleni ku leba komweko miyezi itatu isanathe. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti loweruza milandu ya pantchito.

Za mtendere wa mumtima, nzeru yoyamba ndi kusankha wouza. Kuuza ofesi yonse kumabala miseche, ndipo miseche imakonda kugwera mayi. Sankhani munthu mmodzi kapena awiri osunga pakamwa. Za bambo akunyumba, inu ndi amene mumawadziwa. Ndi bwino amve kwa inu osati kwa anthu, koma auzeni limodzi ndi zomwe mwachita kale, kuti asathamangire ku ofesi kukamenyana, zomwe zingakuwonongereni mlandu. Ndipo ife amayi, mnzathu akatiuza nkhani yotere, tisayambe ndi kufunsa kuti anavala chiyani kapena kumuuza kuti angopirira. Timufunse ngati walemba tsiku ndi mawu, ndipo tidzipereke kumuperekeza.

Kope lija limathandizanso usiku. Maganizo amabwerezabwereza nkhani chifukwa choopa kuiwala ndiponso chifukwa chofunafuna yankho lomwe mukanapereka. Mukalemba, tsekani kope, liikeni m’sutikesi, ndipo mudziuze kuti za lero zasungidwa. Koma ngati papita sabata ziwiri tulo tosabwera, mutu ukupweteka tsiku ndi tsiku, kapena mtima ukugunda kwambiri mukamayandikira geti la kuntchito, pitani kuchipatala akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, ndipo muwauze adokotala chomwe chikukusautsani kuti achilembe m’buku lanu la kuchipatala. Tsamba limenelo mulisunge pamodzi ndi kope lanu.