Kodi wogulitsa mowa mkati mwa sukulu wagulitsa "pafupi ndi sukulu"?

Ophunzira zamalamulo amakumana ndi funso la mtundu wina lomwe limaoneka lophweka koma limagwetsa ambiri. Mphunzitsi amapeka lamulo la mzere umodzi, n'kuikapo anthu awiri kapena atatu, kenako amafunsa kuti mwa anthuwa wapalamula ndani. Ntchito yomweyi ndi imene oweruza amagwira tsiku ndi tsiku, choncho ngakhale amene salemba mayeso ayenera kudziwa mmene imayendera.

Tiyerekeze kuti funso likuti Nyumba ya Malamulo yakhazikitsa lamulo lomwe mutu wake ukunena kuti cholinga chake n'kuteteza ana ku mowa. Ndime yake ikuti: "Munthu aliyense wogulitsa mowa pafupi ndi sukulu wapalamula mlandu." Apolisi agwira anthu atatu. Mlonda wa sukulu ya pulaimale ankagulitsa kachasu m'kanyumba kake mkati mwa mpanda wa sukuluyo. Mayi wina ali ndi bala moyandikana ndi sukulu yophunzitsa akuluakulu kuyendetsa galimoto. Bambo wina anagawira ana a sukulu mowa waulere pachipata.

Woweruza amayamba ndi mawu enieni. Amawapatsa tanthauzo lomwe munthu wamba amalidziwa, ngakhale zotsatira zake zitakhala zowawa. Maganizo ake ndi akuti opanga malamulo ndi aphungu osankhidwa ndi anthu, ndipo khoti lilibe mphamvu yolemba zomwe aphunguwo sanalembe. Tikatsata njirayi, mayi wa bala uja wapalamula, popeza sukulu ndi sukulu basi. Bambo wogawa mowa wapulumuka chifukwa sanagulitse. Mlonda nayenso angathe kupulumuka, pakuti loya wake adzati munthu amene ali mkati mwa malo sali pafupi ndi malowo, ali momwemo.

Musaganize kuti makhoti sangamve mfundo yotere. Ku England mu 1868, pa mlandu wa Whiteley ndi Chappell, munthu anavota pogwiritsa ntchito dzina la womwalira. Lamulo linkaletsa kudzionetsa ngati munthu amene ali ndi ufulu wovota. Khoti linati womwalira alibe ufulu wovota, ndipo wachinyengoyo anamasulidwa, oweruza omwe akudandaula.

Apa ndiye pamalowa njira yachiwiri, yomwe mabuku amaitcha ya golide. Woweruza amatsatabe mawu, koma akaona kuti akumufikitsa pa chinthu chopanda nzeru, chomwe aphungu sakanachifuna n'komwe, amawapinda pang'ono pokha kuti zopanda nzeruzo zichoke. Nkhani ya mlonda ikufanana kwambiri ndi mlandu wa Adler ndi George wa mu 1964. Lamulo la zinsinsi za boma la 1920 linkaletsa kusokoneza asilikali pafupi ndi malo oletsedwa. Woimbidwa mlandu anasokoneza msilikali mkati mwenimweni mwa bwalo la ndege zankhondo la Marham, ndipo anati lamulo silikumukhudza chifukwa sanali pafupi, anali mkati. Khoti linakana. Linati n'zosamveka kuti wosokoneza kunja kwa mpanda alangidwe pamene wosokoneza mkati, yemwe ndi woopsa kwambiri, apite mfulu, choncho mawuwo awerengedwe kuti "mkati kapena pafupi".

Mlonda wathu ndiye kuti wapalamula. Koma wophunzira asangolemba kuti "izi n'zopanda nzeru" n'kudumphira kwina, pakuti apa mpamene malikisi amatayikira. Ayenera kuonetsa kuti kupanda nzeruko kuli pati: wogulitsa kachasu patsidya pa msewu amangidwa, wogulitsa pakhomo pa kalasi asiyidwa. Ndipo njirayi si chilolezo chosintha chilichonse chomwe woweruza sakuchikonda. Chigamulo chikhoza kukhala chowawa koma chomveka, ndipo zikatero njira ya golide siigwira.

N'chifukwa chake mayi wa bala sangaidalire kwenikweni. Kuletsa mowa pafupi ndi malo ophunzitsira madalaivala si misala, wina akhoza kunena kuti ndi nzeru. Chomwe chingamuthandize ndi njira yachitatu, yoyang'ana cholinga. Mizu yake ili pa mlandu wa Heydon wa mu 1584, pomwe oweruza anati khoti lizifunsa kuti panali vuto lanji lamulo lisanabwere, ndipo aphungu anafuna kulithetsa motani. Masiku ano funso ndi lotambasuka: lamuloli linadza kudzachita chiyani? Yankho silichokera m'mutu mwa woweruza. Amalifunafuna m'mutu wa lamulo, m'ndime zina zoyandikana nayo, ndi m'malipoti omwe anatsogolera lamulolo. Ku Britain, kuyambira pa mlandu wa Pepper ndi Hart, makhoti amaloledwanso kuona zomwe nduna inanena m'Nyumba ya Malamulo, pokhapokha ngati mawu a lamulo ali osamveka bwino ndipo zomwe ndunayo inanena zili zomveka.

M'funso lathu mphunzitsi waikamo dala mutu wonena za kuteteza ana. Amene salabadira mutuwo wataya theka la yankho. Ngati otetezedwa ndi ana, "sukulu" ndi malo omwe ana amaphunzirako, ndipo kosulira madalaivala akuluakulu sikuli m'gulumo. Mayi uja amasulidwe. Taonani kuti pano cholinga chachepetsa tanthauzo la mawu. Ambiri amaganiza kuti njirayi imangokulitsa, koma imagwira mbali zonse ziwiri.

Wovuta kwambiri ndi bambo wachitatu, ndipo ine ndimaona kuti iye ndiye muyeso wa wophunzira amene wamvetsa. Zomwe wachita ndi zoipa kuposa za anzake, wamwetsa ana mowa pamaso pa sukulu. Mtima umafuna kuti alangidwe, ndipo cholinga cha lamulo chikuloza komweko. Koma mawu akuti "wogulitsa" sangakokedwe mpaka kufika pa munthu amene sanalandire kanthu. Cholinga chimathandiza kusankha pakati pa matanthauzo omwe mawu angathe kunyamula. Sichipatsa woweruza cholembera kuti awonjezere "kapena wogawa". Palinso mfundo yakale yoti lamulo lopereka chilango likakhala lokayikitsa, limamasuliridwa mokomera woimbidwa mlandu, chifukwa munthu sayenera kutaya ufulu wake pa mawu omwe sanamuchenjeze. Bamboyu angazengedwe pa lamulo lina ngati lilipo, koma pa ndime iyi ayi. Dzenjelo akwirire ndi aphungu. Zinachitikapo: pa mlandu wa Fisher ndi Bell, khoti litamasula mwini sitolo yemwe anaika mpeni woletsedwa pawindo, Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inakonza lamulolo mu 1961.

Milandu yonseyi ndi ya ku England, koma Malawi ndi Zambia anatengera malamulo awo ambiri kumeneko, ndipo maloya athu amakangana ndi njira zomwezi. Amalawi anazionera okha mu 2020, pamene makhoti anagamula kuti mavoti ochuluka otchulidwa m'ndime 80 ya malamulo oyendetsera dziko ndi oposa theka la mavoti onse, kusiyana ndi momwe Khoti Lalikulu la Apilo linamasulirira mu 2000. Mawu anali omwewo, chinasintha ndi kawerengedwe.

Wophunzira, ukakumana ndi funso lotere usayambe n'kulongosola mbiri ya njira zitatuzi masamba awiri. Dula mzere pansi pa mawu omwe ali pa mkangano, monga "wogulitsa", "pafupi" ndi "sukulu", yesa munthu aliyense pa mawu ake, ndipo unene poyera chigamulo chomwe ukuona kuti khoti lingapereke ndi chifukwa chake.