Kusamutsa kompyuta ya m'kati mwa kompyuta osataya kanthu

M'maofesi ang'onoang'ono ambiri muli pulogalamu yakale yomwe palibe amene amafuna kuigusa. Kawirikawiri imakhala ya maakaunti kapena yolembera katundu wa m'sitolo, ndipo imagwira bwino pa Windows 7 pokha, yemwe eni ake a Microsoft adasiya kumusamalira mu Januwale 2020. Kompyuta yatsopano ikabwera, katswiri amaika pulogalamu ya VirtualBox, n'kumanga kompyuta ina m'kati mwa yatsopanoyo. Kompyuta ya m'katiyo, yomwe akatswiri amaitcha vechuwo mashini, imayaka pa windo lakelake, ili ndi Windows wake ndi disiki yake, koma yonseyo ndi mafayilo chabe okhala mu foda imodzi.

Poti ndi mafayilo, munthu atha kuinyamula m'thumba. Komanso poti ndi mafayilo, hadi disiki ikafa kapena laputopu ikabedwa, yonse yapita.

Tiyerekeze wolemba maakaunti pa sitolo yogulitsa feteleza ndi mbewu. Vechuwo mashini yake adaitcha `Maakaunti`, ndipo laputopu yomwe imakhalamo yayamba kuzima yokha. Abwana agula ina. Iye akutsegula foda ya `VirtualBox VMs`, akuona fayilo yaikulu kuposa onse, `Maakaunti.vdi`, akuikopera pa hadi disiki ya m'manja, mtima m'malo. Pa laputopu yatsopano Windows 7 akuyakadi bwinobwino. Koma potsegula mabuku akupeza kuti akuthera mu Malichi, pomwe tsopano ndi Novembala, nyengo yogulitsa feteleza ili pachimake.

Miyezi isanu ndi itatuyo siidafufutike. Idatsala pa laputopu yakale, ndipo chidachititsa ndi sinapushoti yomwe katswiri adajambula mu Malichi asanasinthe zina mu pulogalamuyo. Sinapushoti imaimika kompyuta ya m'kati pa mphindi inayake kuti zinthu zikasokonekera munthu abwerere pomwepo. Ikangojambulidwa, VirtualBox amasiya kulemba pa disiki yoyamba ija. Zonse zatsopano zimapita mu fayilo ina yomwe imakhala mu foda ya `Snapshots`, ya dzina lalitali la manambala ndi zilembo losapereka chidwi kwa aliyense. Fayilo yachiwiriyi imangosunga zomwe zasintha, choncho payokha siyaka, ndipo yoyamba ija payokha ndi mbiri yakale. Zimafunana ngati mtondo ndi munsi.

Apa mpomwe ambiri amanamizika kuti ali ndi bakapu. Sinapushoti imakhala pa hadi disiki yomweyo ya kompyuta yeniyeni, ndiye disikiyo ikafa imafera limodzi. Imathandiza munthu akalakwitsa poika pulogalamu, koma kwa wakuba, moto kapena disiki yotopa ilibe mphamvu.

Njira yabwino imayamba ndi kuzimitsa. Wolemba maakaunti uja ayenera kutseka pulogalamu yake, n'kuzimitsa Windows 7 wa m'katimo monga amazimitsira kompyuta iliyonse, mpaka VirtualBox alembe kuti `Powered Off`. Ambiri adazolowera kutseka windo n'kusankha `Save the machine state` chifukwa mawa lake imadzuka msanga, koma kumeneko n'kugoneka chabe. Zomwe zinali m'memole zimakhala mu fayilo yapadera, yomwe siyenda nawo potumiza kunja, ndipo ngakhale munthu ataikopera, ikhoza kukana kudzuka pa purosesa ya mtundu wina. Kukopera makina ali chiyakire ndiye koipitsitsa: fayilo imasintha kukopera kuli m'kati, ndipo chotuluka chimafanana ndi kompyuta yomwe magetsi adaithimira ikulemba.

Ikazima, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kukopera foda yonse ya `Maakaunti`, osasiyamo kanthu: disiki, foda ya `Snapshots`, ndi kafayilo kakang'ono ka `Maakaunti.vbox` komwe kamafotokoza memole, netiweki ndi m'mene madisikiwo amalumikizirana. Pa kompyuta ina munthu amasankha `Machine` kenako `Add`, n'kuloza kafayiloko. Njirayi imasunga masinapushoti onse, koma imagwira pa VirtualBox pokha. Ndipo akayesa kuibwezera pa kompyuta yomwe yoyambayo idakalipo, VirtualBox amakana, kunena kuti nambala yake ya `UUID` ilipo kale.

Yachiwiri ndi kuimanga mtolo umodzi. Pa `File` pali `Export Appliance`, yomwe imatenga makinawo monga alili lero, n'kuphatikiza disiki yoyamba ndi zosintha zonse kukhala disiki imodzi, n'kuipanikiza, n'kutulutsa fayilo imodzi yothera ndi `.ova`. Mtolowu umatsata muyezo wa Open Virtualization Format, womwe mapulogalamu ena monga a VMware amaudziwanso, ngakhale kuti kusamuka pakati pa mapulogalamu osiyana nthawi zina kumafuna kukonza apa ndi apo. Masinapushoti akale salowamo. Kwa wolemba maakaunti uja zimenezo sizodandaulitsa, chifukwa chomwe akufuna ndi mabuku a Novembala. Okonda kulemba malamulo amachita chomwecho ndi mzere umodzi:

```
VBoxManage export "Maakaunti" -o maakaunti-novembala.ova
```

Kukula kwa mtolowo kumadabwitsa. Disiki ya m'kati ikhoza kulembedwa kuti ndi ya magigabaiti 60, koma ngati ndi ya mtundu wokula pang'onopang'ono ndipo muli zinthu za magigabaiti 22, mtolo wopanikizidwa umacheperanso pamenepo. Ntchitoyi imatenga mphindi zambirimbiri, mwina ola pa laputopu yokalamba, choncho ndi nzeru kuiyamba batire ili yodzaza. Magetsi akathima pakati, fayilo yotsalayo imaoneka ngati yabwino pa dzina, koma m'kati ndi yoduka.

Kenako pakubwera fulashi. Mafulashi ambiri a magigabaiti 32 kapena ocheperapo amagulidwa ali mu dongosolo la `FAT32`, lomwe silandira fayilo imodzi yofika magigabaiti 4, ngakhale fulashiyo ikhale yopanda kanthu. Windows amanena kuti fayiloyo ndi yaikulu kwambiri, munthu n'kumakanda mutu poona malo ali mbwee. Mankhwala ake ndi kufomata fulashiyo kukhala `exFAT` kapena `NTFS`, atachotsamo kaye zofunika, chifukwa kufomata kumafufuta zonse.

Vuto lobisika kuposa ili ndi mafulashi achinyengo, otchipa modabwitsa, omwe amadzionetsa ngati aakulu pomwe m'kati ndi aang'ono. Amalandira fayilo popanda kudandaula, dzina ndi kukula zikuoneka zolondola, koma gawo lina la zomwe zalembedwa latayika. Maso sangaone zimenezi. Chimene chimaulula ndi chidindo cha manambala chomwe kompyuta imawerengera kuchokera m'fayilo yonse:

```
certutil -hashfile maakaunti-novembala.ova SHA256
```

Lamuloli limatulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64. Wolemba maakaunti awerengetse pa fayilo ya pa laputopu yakale, asunge mzerewo, kenako azule fulashi mwadongosolo, aibayenso, n'kuwerengetsa pa kope la m'fulashimo. Mizere iwiriyo ikasiyana ngakhale pa chilembo chimodzi, kopelo ndi lowonongeka. Pa Linux lamulo lake ndi `sha256sum`.

Pa laputopu yatsopano amaika VirtualBox, makamaka wofanana ndi wakaleyo kapena watsopano kumposa, n'kusankha `File` kenako `Import Appliance`. Pasanayambe kumasula mtolo pamabwera tsamba loonetsa memole ndi mapurosesa omwe makinawo akufuna, ndipo ndi tsamba loyenera kuliwerenga, osati kungodina. Makina ozolowera memole ya magigabaiti 8 sangakwane pa laputopu yomwe memole yake yonse ndi 8 yomweyo. Pomwepo mpochepetsera, mwina kufika pa 4, yomwe Windows 7 ndi pulogalamu imodzi ya maakaunti zimakhutira nayo.

Kuyatsa koyamba sikuchedwa kubweretsa uthenga woopsa, koma ambiri mwa mauthengawa sanena za mabuku. Wotchula `VT-x` kapena `AMD-V` akutanthauza kuti purosesa ya laputopu yatsopano siidaloledwe kuyendetsa makompyuta a m'kati, ndipo chilolezocho chimayatsidwa mu `BIOS`. Wodandaula za netiweki umabwera ngati makinawo adali pa `Bridged Adapter`, chifukwa akufunafuna khadi la netiweki la laputopu yakale; kusankha khadi latsopano pa `Settings` kumathetsa nkhaniyo. Windows wa m'kati, kapena pulogalamu ya maakaunti yomwe laisensi yake idamangiriridwa ku makina, ikhoza kuona ngati yasamutsidwa n'kufunsanso kiyi, ndiye pepala la kiyiyo lifunidwe ulendo usanayambe. Khoma lenileni ndi limodzi: makina omangidwa pa purosesa ya Intel kapena AMD sayaka mu VirtualBox pa makompyuta a Apple a purosesa za M1 ndi zotsatira zake, chifukwa mapurosesawo amalankhula zinenero zosiyana.

Pali chinanso chomwe chimatsala m'mbuyo mwakachetechete. Ngati malipoti a mwezi ankasungidwa mu `Shared Folders`, ndiye kuti amakhala pa laputopu yeniyeni, m'katimo ankangoonekera ngati pa zenera. Mu mtolo salowamo. Foda imeneyo imakoperedwa payokha.

Tsono mayeso enieni si kuona Windows atayaka, pakuti wolemba maakaunti uja adamuonanso atayaka tsiku lomwe adasowa miyezi isanu ndi itatu. Ayenera kutsegula pulogalamu ya maakaunti, kufufuza lisiti yomaliza yomwe adalemba asanazimitse, n'kuyerekeza ndalama zotsala ndi za pa pepala. Zikagwirizana, kuyambira pamenepo ntchito ichitikire pa laputopu yatsopano yokha. Kulemba Lolemba pa yakale, Lachiwiri pa yatsopano, kumabala mabuku awiri osiyana omwe palibe batani lowaphatikiza.

Mtolo wa `.ova` ndi kompyuta yathunthu, yokhala ndi maina a makasitomala, ngongole zawo ndi malipiro a antchito. Wotola fulashiyo atha kuwerenga disiki ya m'katimo osadziwa n'komwe pasiwedi ya Windows. Ngakhale disiki yomwe VirtualBox adaikhoma ndi pasiwedi imatsekulidwa potumiza kunja, chifukwa muyezo wa mtolowo sudziwa loko wotere. Choncho kope lisungidwe pa disiki yokhomedwa, mwachitsanzo ndi BitLocker, ndipo lisagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu.

Mtolo umodzi umangosunga tsiku lomwe udamangidwa. Sitolo yolemba malisiti tsiku ndi tsiku ingachite bwino kumanga watsopano Lachisanu lililonse, dzina lake likhale ndi deti, n'kusunga awiri kapena atatu am'mbuyo, pomwe bakapu yaing'ono ya m'pulogalamu ya maakaunti ikutengedwa madzulo alionse. Laputopu yakale ija isafufutidwe kapena kugulitsidwa mpaka mabuku a mwezi wathunthu atatsekedwa pa yatsopano ndipo ziwerengero zagwirizana.